Kalata ya aphunzitsi: zomwe malikisi a A, B, C, D sakuuzani

Mwana wa Sitandade 8 akabwera ndi pepala la mayeso a Chichewa, makolo ambiri amangoyang'ana nambala yofiira ili pamwambapo, basi. N'chifukwa chake aphunzitsi ena, mayeso a MANEB akamayandikira, amalembera makolo kalata yofotokoza momwe mafunso osankha yankho amachongedwera. Kalata yotere musaipinde msanga.

Choyamba chomwe imanena n'chakuti pochonga, mphunzitsi amakhala ndi mndandanda wa mayankho olondola, ndipo amangofananiza lembo ndi lembo. Palibe theka la malikisi, palibenso zoti mwanayu anatsala pang'ono kukhoza. Akazunguliza malembo awiri pa funso limodzi, funsolo walakwa, ngakhale limodzi mwa malembowo litakhala lolondola. Akasintha maganizo, afute bwinobwino yankho loyambalo, monga momwe malangizo a papepalapo akunenera.

Chachiwiri chimadabwitsa ambiri. Popeza mayankho ndi anayi, mwana wongolota amakhoza pafupifupi funso limodzi pa anayi alionse. Pa mafunso 40, akhoza kupeza 10 asanawerenge n'komwe. Choncho amene wapeza 12 ali kutali kuposa momwe nambalayo ikuonekera.

Mtima wa kalatayi uli pa mayankho olakwa. Aphunzitsi sawaika mwachisawawa. Lililonse limakola mwana amene wasokoneza chinthu china chake. Taonani funso ili: m'chiganizo choti "Mwana wadya msanga", mawu oti "msanga" ndi A. mneni, B. mfotokozi, C. muonjezi, D. dzina. Yankho ndi C, chifukwa "msanga" akutiuza momwe kudyako kwachitikira. Mwana amene wasankha B sali kutali: akudziwa kuti mawuwa akulongosola kanthu, koma sanasiyanitse mfotokozi, amene amakamba za dzina, ndi muonjezi, amene pano akukamba za mneni. Ameneyu mumufunse kuti, "Chamsanga n'chiyani, mwanayo kapena kudyako?" Koma amene wasankha D ayenera kubwerera pachiyambi penipeni pa mitundu ya mawu. Onse awiri aluza malikisi ofanana, koma thandizo lawo ndi losiyana.

Ndiye kunyumba muzitani? Tengani mafunso asanu okha amene analakwa. Phimbani mayankho ndi dzanja, mwana awerenge funso mokweza n'kuyankha za m'mutu mwake. Kenako vundukulani, asankhe, ndipo akuuzeni chifukwa chomwe atatu enawo sali olondola. Apa ndi pomwe mumazindikira ngati akudziwadi kapena wangoloweza lembo la m'pepala lakale. Kholo lomwe silidziwa galamala likhozabe kuchita izi, pakuti mwana wongolota amakakamira pofotokoza. Funso limene wakakamirapolo mulilembe chizindikiro, mawa apite nalo kwa aphunzitsi.