Zithunzi za m'mindandanda ya pa foni: kuzitsegula, kuzisunga ndi kuteteza memori

Mndandanda wa katundu mu pulogalamu ya pa foni ukhoza kukhala ndi mizere 500, uliwonse ndi chithunzi chake, koma sikirini imaonetsa mizere pafupifupi 8 pa nthawi imodzi. Pa mafoni a Android, chida chotchedwa RecyclerView sichipanga mizere yonseyo. Chimapanga yokwanira sikirini ndi ina yochepa yapadera. Mzere ukazimirira pamwamba, chimautenga, n'kuikamo dzina ndi chithunzi cha katundu wina, n'kuutulutsanso pansi. Njirayi imapeputsa foni, komabe mavuto ambiri a zithunzi amayambira pomwepa.

Vuto loyamba ndi kukula kwa chithunzi. Ambiri amayang'ana kukula kwa fayilo n'kuganiza kuti ndiwo katundu amene foni isenze. Chithunzi cha JPEG cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi chimatha kukhala megabayiti 3 kapena 4 pamene chili chopanikizidwa m'fayilo. Kuti chioneke, foni imachifunyulula, ndipo mwa nthawi zonse pikiselo iliyonse imadya mabayiti 4 a memori. Mapikiselo 12 miliyoni kuchulukitsa ndi 4 ndi megabayiti 48. Mizere 8 yokha yadya kale megabayiti 384. Pa foni yotsika mtengo pulogalamu imayamba kudodoma, kenako imadzitsekera, ndipo wolemba pulogalamuyo akapita ku Logcat nthawi zambiri amapeza mawu akuti OutOfMemoryError. Kuyambira pa Android 8.0 mapikiselo amasungidwa kunja kwa gawo la memori limene pulogalamu imapimiridwa, choncho uthengawu sutuluka kawirikawiri ngati kale. Memori imathabe, ndipo Android imangozimitsa pulogalamuyo kapena ena amene ali kumbuyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mapikiselo ochulukawo palibe amawaona. Kabokosi ka chithunzi mumzere kangakhale ka mapikiselo 300 mbali zonse, ndipo chithunzi cha muyeso umenewo chimadya makilobayiti 360 okha. Choncho chithunzi chiyenera kuchepetsedwa pochifunyulula pomwepo. Kuchifunyulula chonse kaye n'kudzachichepetsa pambuyo sikuthandiza, pakuti megabayiti 48 aja alowa kale. Android ili ndi njira ya magawo awiri. Poyamba pulogalamu imawerenga muyeso wokha wa chithunzi ndi inJustDecodeBounds, osatsegula mapikiselo. Kenako imasankha nambala ya inSampleSize, imene imayenda motere: 2, 4, 8 ndi kupitirira. Pa chithunzi chathu, 8 imabweretsa mapikiselo 500 kwa 375, omwe ndi makilobayiti 750, ndipo kabokosi kadzazabe bwino. Nambala 16 ingatsitse mbali yaifupi pansi pa 300, chithunzi n'kuoneka chosawala.

Kuchepetsa kukatheka, pamabwera funso la kusunga. Munthu akatsitsa mndandanda n'kubwereranso pamwamba, mizere ija yalandira kale zithunzi zina. Pulogalamu yosasunga kanthu imapitanso pa intaneti kukatenga zomwe inali nazo mphindi yapitayo. Wogwiritsa ntchito amaona mabokosi otuwa akudikira, ndipo bandulo yake imatha ndi zinthu zomwe walipira kale.

Zosungiramo zilipo ziwiri, ndipo zimafanana ndi ufa wa m'ndowa kukhitchini ndi chimanga cha m'nkhokwe, pamene intaneti ili ngati ulendo wa kumsika. Choyamba ndi memori, mmene mumakhala zithunzi zofunyulula kale, zongotenga n'kuonetsa. Chachiwiri ndi malo osungira mafayilo m'foni, amene ndi aakulu, sataya kanthu pulogalamu ikatsekedwa, koma chithunzi chochokera kumeneko chimafunika kuwerengedwa ndi kufunyululidwanso. Pulogalamu imafufuza m'memori, ikasowa imapita ku mafayilo, ndipo imafika pa intaneti pokhapokha konseko kukakhala kulibe.

Chosungira cha m'memori chimafuna malire, apo ayi chimasanduka vuto lomwe chinabwera kudzathetsa. Chida cha LruCache chikadzaza chimataya chithunzi chimene chakhala nthawi yaitali osafunsidwa. Chitsanzo cha m'malangizo a Android chimapatula gawo limodzi mwa magawo 8 a memori imene pulogalamu yaloledwa. Ngati yaloledwa megabayiti 256, chosungiracho chimalandira 32. Mmenemo mumalowa tizithunzi 88 ta makilobayiti 360, ndiye kuti sikirini 11 za mndandanda uja. Chithunzi chosachepetsa cha megabayiti 48 sichingalowemo ngakhale chimodzi, ndiye chifukwa chake kusunga popanda kuchepetsa kulibe phindu. Malirewo ayenera kuwerengedwa m'mabayiti, osati m'chiwerengero cha zithunzi, chifukwa zithunzi sizilemera mofanana.

Pali cholakwa china chimene chimadabwitsa anthu: mzere wa nsapato kuonetsa chithunzi cha ketulo. Kukoka ndi kufunyulula chithunzi sikuchitikira pa njira imene imajambula sikirini, chifukwa sikirini yojambula maulendo 60 pa sekondi imapereka mamilisekondi 16 okha pa ulendo uliwonse. Ntchitoyo imachitikira kumbali, ndipo imatenga nthawi. Mzere ukapempha chithunzi cha ketulo, munthu n'kutsitsa msanga, mzere womwewo umapatsidwa nsapato. Ketulo ikafika mochedwa imakhala pamalo a nsapato. Mankhwala ake ndi kuletsa pempho lakale mzere usanalandire latsopano, ndi kufufuta chithunzi chakale.

Olemba mapulogalamu ambiri salemba zonsezi okha, ndipo amachita bwino. Amagwiritsa ntchito zida zokonzedwa kale monga Glide, Coil kapena Picasso ya kampani ya Square. Ndi Glide, mkati mwa onBindViewHolder mumalembedwa izi:

```kotlin
Glide.with(holder.itemView)
    .load(katundu.url)
    .placeholder(R.drawable.bokosi_lotuwa)
    .centerCrop()
    .into(holder.chithunzi)
```

Mizere yochepayi imayeza kabokosi, kuchepetsa chithunzi, kufufuza zosungiramo zonse ziwiri ndi kuletsa pempho lakale la kabokosi komweko. Pa mafayilo, Glide imadzipatsa megabayiti 250 ngati wolemba sanasinthe. Misampha ilipobe. Kabokosi kolembedwa wrap_content kalibe muyeso wodziwika, choncho Glide imatenga muyeso wa sikirini yonse, zithunzi n'kukula mosafunika. Kukapatsa muyeso wokhazikika kapena kulemba override(300, 300) kumathetsa zimenezi. Komanso katundu wopanda chithunzi akadumphidwa osaitana Glide, mzere umatsala ndi chithunzi cha mwini wake wakale, pokhapokha wolemba ataitana clear() pa kabokosiko.

Msampha wobisika kwambiri uli pa dzina limene chithunzi chimasungidwira, lomwe nthawi zambiri ndi adiresi yake ya pa intaneti. Maseva ena amaphatika chizindikiro cha chilolezo kumapeto kwa adiresi, ndipo chimasintha pakapita nthawi. Chithunzi n'chomwecho, koma chosungira chimachiona ngati chachilendo, n'kuchikokanso, n'kusunga makope ambiri a chinthu chimodzi. Apa dzina losungira liyenera kupangidwa ndi gawo la adiresi losasintha. Vuto lotembenuka limabwera wogulitsa akasintha chithunzi koma adiresi n'kukhala yomweyo: ogula amaonabe chakale. Glide ili ndi signature(), mmene amaikamo tsiku losinthira chithunzi kapena nambala yake, kuti chatsopano chikhale ndi dzina latsopano.

Kudziwa ngati kusunga kukuyenda sikovuta. Picasso ikalamulidwa ndi setIndicatorsEnabled(true) imaika kachizindikiro pakona ya chithunzi chilichonse: kofiira ngati chachokera pa intaneti, kabuluu ngati chachokera m'mafayilo, kobiriwira ngati chachokera m'memori. Glide imanena zomwezo ndi mawu monga REMOTE ndi MEMORY_CACHE. Woyesa amatsitsa mndandanda pang'ono n'kubwerera pamwamba, ndipo akaonanso zofiira amadziwa kuti dzina losungira lili ndi vuto. Kenako amatseka pulogalamu, kuzimitsa intaneti n'kuitsegulanso. Zithunzi zoonedwa kale ziyenera kubwera kuchokera m'mafayilo. Pomaliza amatsegula Memory Profiler ya mu Android Studio n'kuyenda mizere yonse 500. Mzere wa memori uyenera kukwera pang'ono n'kukhazikika chosungira chikadzaza. Ukangokwerabe mpaka kumapeto, ndiye kuti penapake pulogalamu ikugwirabe zithunzi zimene zinachoka kale pa sikirini.