Mpweya Woyamba Umene Umatembenuza Njira ya Magazi

Mwana akangobadwa, ochembeza ndi achibale amene ali panja amatchera khutu kudikira chinthu chimodzi, kulira. Akalira, nthungululu. Mzamba nayenso amapumira m'mwamba, ngakhale maso ake amakhalabe pa khungu la khandalo, limene limatuluka lotuwa, milomo ndi lilime zili zobiriwira pang'ono. Pakatha mphindi zingapo milomo ija imayamba kufiira. Kusinthaku kumachokera m'chifuwa, m'mene magazi akusiya njira zimene ankadutsa kwa miyezi isanu ndi inayi n'kuyamba kutsata njira yatsopano.

Mwa munthu wamkulu magazi amayenda m'njira yodziwika bwino. Mbali yakumanja ya mtima imalandira magazi ochokera m'thupi n'kuwapopera ku mapapo kuti akatenge okosijeni. Akabwerera amalowa mbali yakumanzere, imene imawakankhira mu mtsempha waukulu wotchedwa ayota kuti afike thupi lonse. Pakati pa mbali ziwirizi pali khoma, ndipo magazi sasakanikirana.

Mwana ali m'mimba dongosolo limeneli silingagwire ntchito. Mapapo ake ndi odzaza madzi, ndipo timitsempha tam'mapapomo timakhala tofinyika kotero kuti magazi amavutika kudutsamo. Ntchito ya mapapo imagwiridwa ndi nsengwa, pamene magazi a mwana amatenga okosijeni ndi chakudya kuchokera m'magazi a mayi, koma magazi awiriwo osasakanikirana. Chingwe cha mchombo chili ndi mitsempha itatu: umodzi waukulu wobweretsa magazi abwino kwa mwana, ndi iwiri yobwezera ku nsengwa magazi amene agwira kale ntchito. Tsono vuto ndi lakuti magazi abwinowo akufika kudzera pamchombo, pamene mtima unapangidwa kuti uziwalandira kuchokera ku mapapo. Thupi limathetsa vutoli ndi njira zitatu zachidule.

Yoyamba ili pachiwindi. Madokotala amaitcha dakitasi venosasi, ndipo ndi kamtsempha kamene kamalola gawo la magazi a mumchombo kulambalala chiwindi n'kulunjika ku mtima. Yachiwiri ndi bowo lotchedwa forameni ovale, lomwe lili pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima. Bowoli lili ndi kachitseko ka mnofu wopyapyala kamene kamatsegukira kumanzere kokha. Popeza mphamvu ya magazi ndi yochuluka kumanja, kachitsekoko kamakhala kokankhidwa, ndipo magazi okhala ndi okosijeni wambiri amadutsa pamenepo n'kupita ku ubongo ndi ku minofu ya mtima womwewo. Apa mpamene pali luso lenileni: magazi abwino kwambiri amafika kaye ku ziwalo zimene sizingapirire kuperewera kwa mpweya.

Yachitatu ndi dakitasi ateriyosasi, mtsempha waufupi koma wotakasuka wolumikiza mtsempha wopita ku mapapo ndi ayota. Magazi amene mtima wawapopera ku mapapo akapeza kuti njira ndi yothina, ambiri amakhotera mu kamlatho kameneka n'kutsikira kumunsi kwa thupi ndi ku nsengwa. Ku mapapo kumangopita ochepa, okwanira kuti mapapowo akule.

Njirazi si zodziwika dzulo. Sing'anga wachigiriki Galen, amene anakhala zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, analemba kale za bowo la mumtima ndi kamlatho kaja. Koma mmene zimatsekekera zinamveka bwino m'zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera mu kafukufuku wa pa ana a nkhosa amene Geoffrey Dawes ndi anzake anachita ku Oxford.

Zonse zimayamba ndi mpweya woyamba. Pa nthawi ya matenda, mahomoni a mwana amachititsa mapapo kusiya kupanga madzi n'kuyamba kuwamwa. Mwana akatuluka, kuzizira kwa kunja, kukhudzidwa ndi kupukutidwa zimamudzidzimutsa, ndipo amakoka mpweya mwamphamvu zedi. Mpweyawo umakankhira madzi otsala kunja kwa timatumba ta m'mapapo. Kulira kumathandizanso, chifukwa mwana akamalira amatulutsa mpweya pakhosi pali pothina, ndiye timatumbato timakhalabe totukumuka. Mapapo akafufuma, okosijeni n'kulowa, timitsempha tija timamasuka, ndipo magazi opita ku mapapo amachuluka kuwirikiza kasanu ndi katatu, mwinanso kakhumi.

Magazi ochulukawo amabwerera ku chipinda chakumanzere, mphamvu kumeneko n'kukwera. Pa nthawi yomweyo magazi ochokera ku nsengwa amaleka kubwera, mphamvu kumanja n'kutsika. Kachitseko kaja kamakankhidwa kuchokera kumanzere tsopano, ndipo kamatseka bowo monga chimachitira chitseko mphepo ikasintha kolowera. Zimenezi zimachitika m'mphindi zochepa, ngakhale kumatirirana kwenikweni kumatenga miyezi. Mwa munthu mmodzi pa anthu anayi alionse kachitsekoka sikamatirira n'komwe moyo wonse, ndipo ambiri amakalamba osadziwa, chifukwa mphamvu ya kumanzere imakagwira kuti kasatseguke. Dakitasi venosasi imangofota yokha m'sabata yoyamba kapena yachiwiri popeza mulibenso magazi odutsamo.

N'chifukwa chake azamba a masiku ano sathamangira kumanga mchombo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza kudikira mphindi imodzi mpaka zitatu. Pa nthawi imeneyo nsengwa imapitiriza kupereka magazi pamene mapapo akutseguka ndi kufuna magazi ambiri, ndipo mwana amapeza ayironi womuthandiza m'miyezi yoyamba. Koma ngati mwana wapukutidwa, wasisitidwa pamsana, n'kukhalabe osapuma, palibe kudikira. Maphunziro amene azamba a m'Malawi amalandira amati mwana wotere ayambe kupopedwa mpweya ndi kathumba kopumitsira mphindi yoyamba isanathe. Mpweya ukapanda kulowa m'mapapo, zina zonse zija sizichitika.

Kusintha kumeneku kumaoneka ndi manambala pa kachipangizo koyezera okosijeni kamene amamangirira kudzanja. Mwa khanda labwinobwino, pakatha mphindi imodzi kamaonetsa pakati pa 60 ndi 65 pa 100, nambala imene mwa munthu wamkulu ingathamangitse chipatala chonse. Pa mphindi zisanu imafika 80 mpaka 85, ndipo pa mphindi khumi imakhala pakati pa 85 ndi 95. Manja ndi mapazi zimatha kukhalabe zobiriwira tsiku loyamba popanda vuto. Pofunika kuyang'ana ndi lilime ndi m'kati mwa milomo, makamaka kwa ana athu amene khungu lawo limabisa mtundu wa magazi.

Kamlatho kaja, dakitasi ateriyosasi, ndiko kali ndi nkhani zambiri. Iko sikatsekedwa ndi chitseko koma ndi minofu ya m'khoma lake, imene imafinyika. M'mimba kamakhala kotseguka chifukwa okosijeni ndi wochepa komanso chifukwa cha mankhwala a m'thupi otchedwa pulositagalandini, amene ambiri amapangidwa ndi nsengwa. Mwana akabadwa okosijeni amakwera, nsengwa yapita, ndipo mapapo amawononga pulositagalandini wotsala. Mwa ana obadwa masiku atakwana kamlathoka kamafinyika m'masiku awiri kapena atatu, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu kamasanduka kachingwe chabe.

Mwa mwana wobadwa masiku asanakwane, minofu ija imakhala yosakhwima, ndipo kamlatho kamatha kukhalabe kotseguka. Tsopano magazi amayenda chobwerera, kuchoka mu ayota kupita ku mapapo, mapapowo n'kulemedwa ndi magazi. Mwana amapuma mofulumira, amatopa ndi kutuluka thukuta poyamwa, ndipo sikelo siikwera. Mwa mwana wokulirapo dokotala akamvetsera pachifuwa, chakumanzere pansi pa fupa la m'khosi, amamva phokoso losalekeza ngati chigayo chili pa ntchito. Mankhwala oletsa thupi kupanga pulositagalandini, monga indomethasini ndi ibupulofeni, amatha kukatseka mwa makanda osakwana masiku, ndipo zikakanika pali opaleshoni. Woyamba kumanga kamlathoka bwinobwino anali Robert Gross wa ku Boston m'chaka cha 1938, pa mtsikana wa zaka 7.

Mankhwala omwewa ndi amene ambiri amawadziwa ndi mayina akuti indosidi ndi bulufeni, ogulidwa mwachisawawa msana ukamawawa. Mayi woyembekezera akawamwa m'miyezi itatu yomaliza, amadutsa pa nsengwa ndipo angathe kufinya kamlatho mwana akadali m'mimba, pamene akukadalira. Msana wa mayi wapakati umawawadi, koma mankhwala ake akafunse ku sikelo.

Palinso ana amene moyo wawo umadalira kuti kamlathoka kasatseke. Tiyerekeze khanda lobadwa ndi ayota wopanikizika kwambiri pafupi ndi pamene kamlatho kamalumikizira. Labadwa ndi makilogalamu atatu, lalira, layamwa, ndipo tsiku lotsatira latulutsidwa m'chipatala. Palibe amene walakwitsa poliona kuti lili bwino, chifukwa magazi opita kumimba, ku impso ndi kumiyendo akudutsabe pa kamlatho. Tsiku lachitatu kapena lachinayi kamlatho katseka monga mwa chilengedwe, ndipo kumunsi kwa thupi magazi akufika ochepa. Mwana akuyamba kukana bere, akupuma kopitirira ka 60 pa mphindi, watuwa, mapazi ali zii, matewera sakunyowa monga dzulo. Zizindikirozi zimafanana kwambiri ndi za matenda a tizilombo m'magazi, amene ndiwo ofala kwambiri pa msinkhu umenewu, ndiye dokotala amayamba ndi mankhwala opha tizilombo. Koma wosamala amagwiranso m'mphechepeche mwa mwanayo kufuna kugunda kwa mtsempha. Akapeza kuti kudzanja lamanja ukugunda mwamphamvu koma m'mphechepeche sukumveka, amaganizira za mtima. Kuyeza okosijeni kudzanja lamanja ndi kuphazi kumathandizanso, chifukwa mtsempha wa dzanja lamanja umapatuka magazi asanafike pa kamlatho, pamene phazi limalandira odutsa pamenepo. Phazi likatsika kuposa dzanja, ndiye kuti magazi osadutsa ku mapapo akuwolokabe. Chithandizo chake ndi chosiyana ndi cha mwana wosakwana masiku uja: pulositagalandini wa mu diripi wotsegulanso kamlatho, kuti mwana apeze nthawi yofikira opaleshoni.

Masiku amenewa ndi omwe mayi ndi mwana amakhala m'chikuta, kudikira kuti mchombo ugwe, ndipo achikulire ena safuna kuti khanda lituluke m'nyumba. Mwambowo umateteza mwana ku mphepo ndi ku manja ambiri, koma umagwera pa sabata yomwe njira zakale za magazi zikutsekeka. Khanda likasiya kuyamwa, likamabanika, kapena lilime likabiriwira, a chikuta asadikire kuti mchombo ugwe kapena kuti kuche. Amufunditse mwanayo pachifuwa pa mayi ake ndi kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo.