Lipoti la malonda likasemphana ndi leja: kusaka K160,502

Kumapeto kwa mwezi, m'makampani ambiri ogulitsa katundu mumatuluka manambala awiri amene amayenera kufanana koma safanana. Mkulu wa zamalonda amabwera ndi lipoti lake lochokera mu kompyuta yogulitsira, akauntanti amabwera ndi leja, buku lalikulu limene ndalama zonse za kampani zimalembedwamo. Kusiyana kukakhala kwakukulu, ntchito imaphweka, chifukwa nthawi zambiri pamakhala chinthu chimodzi choonekeratu, monga nthambi yonse imene yaiwalika. Kovuta ndi kusiyana kochepa, kumene bwana amangoti “pezani pamene pathawira ndalamayi” ngati kuti ndi ndalama imodzi imene yabisala pamzere umodzi.

Tiyerekeze kampani yogulitsa katundu mopikulitsa ku Limbe. Lipoti la mwezi wa Malichi likuti anagulitsa K62,418,302. Leja ikuti K62,257,800. Lipoti laposa ndi K160,502, pafupifupi kwacha imodzi pa K400 iliyonse. Munthu wachangu amayamba kufufuza invoisi ya K160,502, ndipo saipeza, pakuti kulibe. Nambala imeneyi ndi chotsalira cha zinthu zingapo, zina zokweza lipoti, zina zokweza leja, zimene zaphimbirana. Yemwe wamvetsa zimenezi amasiya kusaka nambalayo n'kuyamba kuiphwanya.

Asanatsegule invoisi iliyonse, ayenera kufunsa ngati mapepala awiriwa akuyeza chinthu chimodzi. Funso loyamba ndi la msonkho wa VAT. Pa mlingo wa 16.5 peresenti, umene amalonda a ku Malawi anagwiritsa ntchito zaka zambiri m'mbuyomu, kasitomala wolipira K116,500 wagula katundu wa K100,000 basi. K16,500 yotsalayo si ya kampani, ndi ya bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo leja imaiika pa akaunti yakeyake. Lipoti lowerengera msonkho limodzi ndi malonda likanaposa leja ndi mamiliyoni, choncho apa vuto si limenelo. Funso lachiwiri ndi lakuti lipoti likuwerenga chiyani: maoda, mainvoisi, kapena ndalama zimene zalowa? Leja imalemba malonda katundu akaperekedwa ndi invoisi yake, kaya kasitomala walipira kaya watenga pangongole. Pa chitsanzo chathu mbali zonse zikuwerenga mainvoisi opanda msonkho, ndiye tingapitirire.

Chotsatira ndi kugawa mwezi m'masiku. Mumatulutsa mizere yonse ya mbali ziwirizi, kuiika mu Excel, n'kupanga mndandanda wa masiku 31. Ngati masiku ali mu `A`, ndalama zili mu `C`, ndipo tsiku lofunsidwa lili mu `F2`, zonse za tsikulo zimabwera motere:

```
=SUMIFS(C:C,A:A,F2)
```

Mukatero mbali zonse ziwiri n'kuchotsera, kusiyana kumene kunali mulu umodzi kumaonekera tsiku ndi tsiku. Pa kampani yathu masiku ambiri akungosiyana ndi matambala, koma pali china chodabwitsa. Lolemba lililonse lipoti likuposa leja, ndipo Lachiwiri lotsatira leja ikuposa lipoti ndi ndalama yomweyo. Lachisanu ndi Loweruka chimodzimodzi. Masiku awiri oyandikana akamasiyana ndi ndalama yofanana, lina kukwera lina kutsika, palibe chimene chasowa. Malonda omwewo aikidwa pa masiku osiyana.

Chifukwa chake chili pa wotchi. Mapulogalamu ambiri, makamaka amene amasunga zinthu pa intaneti, amalemba nthawi ya chochitika chilichonse mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Invoisi yosindikizidwa ku Limbe nthawi ya 01:15 usiku wolowera Lachiwiri, mu kompyuta imalembedwa kuti 23:15 Lolemba. Kampani yathu imapakira lole yopita ku Mzuzu usiku wolowera Lachiwiri ndi wolowera Loweruka, ndipo mainvoisi a katunduyo amatuluka pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku. Leja imatenga tsiku lolembedwa pa invoisi, pamene lipoti limatenga nthawi ya mu kompyuta osaikonza.

M'kati mwa mwezi zimenezi sizivuta, chifukwa chimene Lachiwiri lataya Lolemba latola, ndipo onse ndi masiku a Malichi. Zimaluma pa malire. Malichi ameneyu anayamba Loweruka, ndiye mainvoisi a K265,000 a usiku wolowera pa 1 Malichi lipoti linawaponya ku Febuluwale. Pa 1 Epulo linali Lachiwiri, ndiye mainvoisi a K412,000 a usiku umenewo lipoti linawakokera mu Malichi. Lipoti lapindula K412,000, lataya K265,000, ndipo laposa ndi K147,000. Onani kuti K147,000 imeneyi nayonso si invoisi ya munthu aliyense. Amene akanayang'ana kumapeto kwa mwezi kokha akanapeza K412,000, n'kudabwa kuti wapeza zochuluka kuposa zimene amasaka. Malire ndi awiri, ndipo woyamba ndi umene anthu amaiwala.

Kutsimikiza n'kosavuta. Mu Excel tsiku limodzi ndi nambala 1, choncho maola awiri ndi `2/24`. Ngati nthawi ya mu kompyuta ili mu `B2`, tsiku lenileni la ku Malawi ndi ili:

```
=INT(B2+2/24)
```

Mukawerengeranso ndi masiku okonzedwawa, mapasa onse aja amazimiririka. Pa K160,502 patsala K13,502, ndipo masiku amene akusiyanabe kwenikweni ndi awiri okha. Pa 14 Malichi lipoti likuposa ndi K58,500. Pa 22 Malichi leja ikuposa ndi K45,000. Ndalama zoposa K100,000 zinali zolakwika, koma zikanaoneka ngati K13,500 chabe chifukwa china chinaphimba chinzake. N'chifukwa chake sindikhulupirira mawu akuti kusiyana kwachepa, tikusiye. Kuchepa kwa chotsalira sikunena kanthu za kukula kwa zimene zili pansi pake.

Tsopano mumatsika kuchoka pa tsiku kufika pa invoisi, ndipo m'malo mwa mizere zikwizikwi mwatsala ndi ya masiku awiri. Musanayerekeze ndalama, werengani mapepala. Pa 14 leja ili ndi chikalata chimodzi chimene lipoti lilibe: kirediti noti, chikalata chochotsera kasitomala ndalama akabweza katundu. Wagolosale wina anagula mafuta ophikira pa 11, makatoni ena anapezeka akudontha, ndipo anawabweza pa 14. Leja inachotsa K58,500 pa malonda. Lipoti linapangidwa kuti liziwerenga mainvoisi okha, choncho silinaone kubwezako. Apa palibe amene analemba molakwa. A zamalonda amafuna kudziwa zimene zatuluka pakhomo, akauntanti amafuna zimene zatsala zitabwezedwa zobwezedwa. Chofunika n'chakuti mutu wa lipoti unene kuti ndi ziti mwa ziwirizi. Chikanakhala kuti lipoti linawerenga kirediti noti ija koma ngati malonda, kusiyana kukanakhala K117,000, kuwirikiza kawiri. Ndiye nambala imene simukuipeza paliponse, yesani kuigawa pakati n'kusaka thekalo.

Pa 22 mapepala ndi ofanana kuchuluka kwake, koma invoisi imodzi ili ndi ndalama ziwiri. M'lipoti ndi K127,000, mu leja ndi K172,000. Tsiku limenelo magetsi anazima, mainvoisi analembedwa pamanja m'buku, ndipo pambuyo pake anthu awiri osiyana anawalowetsa, wina mu kompyuta yogulitsira, wina mu leja. Wachiwiriyo anasinthanitsa 2 ndi 7. Akauntanti akale ali ndi kachizindikiro ka vuto limeneli: manambala awiri akasinthana malo, kusiyanako kumagawika ndi 9 popanda chotsala. K45,000 kugawa ndi 9 ndi 5,000 ndendende. Kachizindikiroka si umboni, pakuti nambala imodzi mwa zisanu ndi zinayi zilizonse imagawika ndi 9 mwangozi chabe, ndipo kamagwira ntchito pokhapokha mutapatula kale cholakwikacho pachokha. Pa K160,502 yoyamba ija sikakanakuuzani kanthu. Woweruza ndi pepala lenilenilo la m'buku, ndipo pepalalo likuti K127,000.

Pali vuto lina lofala limene silinapezeke pa kampani yathu, koma kuwerenga mapepala kumaligwira msanga. Wopanga lipoti akalumikiza mndandanda wa mainvoisi ndi wa malipiro, invoisi imene inalipiridwa kawiri, theka pa Mpamba theka pa banki, imatuluka pa mizere iwiri ndipo ndalama yake yonse imawerengedwa kawiri. Nambala ya invoisi ikaoneka kangapo m'lipoti pamene mu leja ili kamodzi, yambirani pamenepo.

Tiphatikize tsopano. Kuchoka pa K62,418,302 ya lipoti, chotsani K412,000 ya Epulo, onjezani K265,000 imene inathawira ku Febuluwale, chotsani K58,500 ya katundu wobwezedwa, onjezani K45,000 imene leja inakweza molakwa. Mwafika pa K62,257,802. Leja ikuti K62,257,800. Patsala K2.

K2 imeneyi ndi ya matambala odulidwa. Katundu wa K1,000 kuphatikiza msonkho, mukachotsa msonkhowo, amatsala K858.369 ndi manambala ena opitirira, ndipo kompyuta imalemba K858.37. Mizere khumi yotere ikaphatikizidwa ndi K8,583.70. Koma pulogalamu imene imayamba yaphatikiza K10,000 yonse kenako n'kuchotsa msonkho imapeza K8,583.69. Tambala imodzi pa invoisi, pa mainvoisi mazanamazana, ndiyo K2 ija. Mawu akuti “ndi matambala chabe” amanamiziridwa kwambiri, choncho ayenera kuyesedwa: kusiyanako kukhale komwazikana pa masiku onse, ndipo pasapezeke invoisi ngakhale imodzi yosiyana ndi ndalama yoposa matambala owerengeka. Kusiyana kokhala pa tsiku limodzi si matambala, ngakhale kutachepa bwanji.

Chotsala ndi kudziwa amene akonze chiyani. Lipoti lili ndi zokonza ziwiri: liziwerenga masiku pa nthawi ya ku Malawi, ndipo lizichotsa makirediti noti kapena lizionetsa pa mzere wawowawo. Zikapanda kukonzedwa, kusiyanako kudzabwera mwezi uliwonse ndi nambala yatsopano. Leja ili ndi chokonza chimodzi, K45,000 ija, ndipo sikonzedwa pofufuta. Akauntanti amalemba jenolo yobweza, yokhala ndi nambala ya invoisi ndi siginecha ya womuvomereza, n'kuonanso akaunti ya kasitomalayo, amene ngongole yake inakwezedwa, ndi akaunti ya msonkho ngati unawerengedwa pa ndalama yolakwikayo. Chimene sayenera kuchita ndi kulemba jenolo imodzi ya K160,502 kuti manambala afanane, chifukwa akatero wawononga leja m'malo amene inali yolondola, kasitomala uja n'kumatumiziridwabe sitetimenti ya ngongole imene sanatenge. Malonda enieni a Malichi, leja itakonzedwa, ndi K62,212,800, nambala imene sinali pa pepala lililonse mwa awiri aja.