Kupeza Pakati Popanda Kuphatikiza Mindandanda

Tengani mindandanda iwiri yosanjidwa kale: A = [1, 3, 8] ndi B = [2, 4, 5, 9, 10]. Kuiphatikiza n'kutaya nthawi. Ingoidulani kuti manambala 4 mwa 8 akhale kumanzere.

Dulani A pambuyo pa 1. B apereke 2, 4, 5. Koma 5 akuposa 3 wotsala kumanja, choncho sunthirani mpeni wa A kumanja. Tsopano kumanzere kuli 1, 3, 2, 4, ndipo palibe woposa 5, wamng'ono wa kumanja. Yankho ndi (4 + 5) / 2 = 4.5.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti kuyesa kulikonse kumataya theka la malo odulapo, motero nthawi yake ndi O(log(min(m, n))). Muzidula mndandanda waufupi. Mukayambira wautali, mpeni wachiwiri ukhoza kugwera kunja kwa mndandanda.