Mizere Itatu ya pa Lisiti la Chopereka

Munthu akapereka ndalama ku mpingo, ku komiti ya sukulu kapena ku gulu losamalira ana amasiye, kawirikawiri amalandira nthungululu ndi m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Kupempha lisiti kumamveka ngati kukayikira anzako, ndipo ambiri amachita nako manyazi. Komatu mikangano yambiri ya m'makomiti imabuka patapita miyezi, pamene wina akuti ndalama zinali zakuti, wina akuti ayi zinali zakuti, ndipo palibe pepala loti liwaweruze.

Tiyerekeze kuti mayi wina amene anaphunzira pa sukulu ya pulaimale ya m'mudzi mwawo, pano akugwira ntchito ku Lilongwe, wabwera ndi K600,000 kuti ana a Sitandade 8 asamakhalenso pansi. Msungichuma wa komiti sayenera kung'amba pepala m'kope. Atenge buku la malisiti, lija logula m'sitolo ya mabuku, lokhala ndi manambala osindikiza kale motsatizana, tsamba lililonse lili ndi linzake pansi pake. Ayambe wawerenga ndalamazo mwini wake akuona, pamaso pa wapampando kapena mlembi. Kenako alowetse kaboni pakati pa masamba awiriwo, alembe ndi bolopeni mosindikiza ndithu kuti zolembazo zioneke bwino pa tsamba la pansi. La pamwamba ndi la mayiyo, la pansi limatsala m'buku osang'ambidwa.

Kuchuluka kwa ndalama kumalembedwa kawiri, m'manambala ndi m'mawu: K600,000.00, kenako "makwacha zikwi mazana asanu ndi limodzi basi", n'kujambula mzere kutseka mpata wotsalawo. Chifukwa chake n'chakuti nambala sivuta kuisintha. Ziro mmodzi akawonjezedwa kapena kufufutidwa, K60,000 ndi K600,000 zimasinthana malo, pomwe mawu savomera kusinthidwa popanda kusiya zipsera. Cholembedwacho chikhale chimene chalandiridwa m'manja tsikulo. Ngati mayiyo walonjeza K600,000 koma wabwera ndi K400,000, lisiti ndi la K400,000, ndipo yotsalayo idzakhala ndi lisiti lakelake ikadzafika. Lonjezo limalembedwa m'buku la zokambirana za komiti, silidulidwira lisiti.

Tsiku ambiri amalilemba mothamanga, ena amangolisiya. Likhale lathunthu, monga 14 Malichi 2025, ndipo likhale tsiku limene ndalama yafikadi. Ndilo limalumikiza lisiti ndi mabuku ena onse: wofufuza akaona lisiti la pa 14 Malichi, amayembekeza kuona ndalama yomweyo m'buku la ndalama zolowa tsiku lomwelo, ndi pa sitetimenti ya ku banki patangopita masiku ochepa. Ikakaoneka ku banki patatha miyezi iwiri, funso loti inali kuti nthawi yonseyi limadzifunsa lokha. Tsiku limatetezanso komiti. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya katundu inakwera motsatira. Komiti imene inalandira ndalama kusintha kotereku kutangotsala pang'ono kuchitika, n'kugula katundu wochepa kuposa amene inayembekezera, imatha kuloza tsiku la pa lisiti ndi tsiku logula, wopereka n'kumvetsa kuti sanadyeredwe.

Mzere umene ine ndimauona kuti ndi wolemera kuposa yonse ndi wa cholinga, ndipo ndi umene umalembedwa mwaulesi kwambiri. Msungichuma amangolemba kuti "thandizo" kapena "chitukuko". Mawu amenewa samanga munthu aliyense, chifukwa kupenta ofesi ya aphunzitsi ndi chitukuko, kugula zakumwa za pa msonkhano nakonso wina angakutche chitukuko. Pa lisiti la mayi uja payenera kulembedwa kuti "zogulira madesiki 20 a Sitandade 8". Msungichuma amufunse mwini ndalama kuti, "Amayi, tilembe kuti ndalamazi ndi zachiyani?" ndipo amuwerengere zimene walembazo asanasayine ndi kudinda chidindo.

Kuyambira pamenepo ndalamayo yamangidwa. Tinene kuti kalipentala wapanga madesiki 20 pa K27,000 iliyonse, zonse pamodzi K540,000, ndipo kwatsala K60,000. Sabata yomweyo mphepo yasasula denga la chimbudzi cha atsikana. Wina m'komiti anena kuti, "Anzanga, ndalama ilipo kale, bwanji tingogula malata?" Maganizowo si oipa ndipo vutolo ndi lenileni, koma komiti ilibe mphamvu yosintha yokha cholinga cha mphatso ya munthu. Imuimbire mayiyo, imufotokozere kuti madesiki atheka ndipo kwatsala K60,000, ndiye asankhe yekha: awonjezere madesiki awiri, zomwe zingadye K54,000, kapena alole kuti igule malata. Akavomera, atumize yankho lake molemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni, mlembi alikopere m'buku la zokambirana pamodzi ndi nambala ya lisiti lija. Anthu ambiri opereka sakana pempho lotere. Chimene chimawapweteka ndi kudzamva kwa ena kuti ndalama yawo inagwira ntchito ina iwo osauzidwa. Ndipo ngati wopereka wanena yekha kuti komiti iione pogwiritsa ntchito, zimenezonso zilembedwe: "ntchito iliyonse ya sukulu monga komiti yagwirizana".

Masiku ano ndalama zambiri zikubwera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, zina kuchokera kwa abale a ku Joni kudzera m'makampani otumiza ndalama. Uthenga umene umalowa pafoni umasonyeza kuti ndalama yafika, koma sunena kuti ndi yachiyani, ndipo foni ikatayika umapita nayo. Choncho lisiti lidulidwebe, palembedwe kuti ndalama yabwera pafoni komanso nambala ya uthengawo, kenako alijambule n'kutumizira mwini wake. Ngati pafoni palowa K100,000, lisiti ndi la K100,000 yomweyo. Ndalama imene yadulidwa potapa kwa ejenti imalembedwa payokha m'buku la zotuluka, sichotsedwa pa mphatso ya munthu. Mphatso ya katundu nayo imafuna lisiti, koma palembedwe katunduyo monga alili, "matumba 15 a simenti a makilogalamu 50", osati mtengo wongoganizira, chifukwa mtengo ukalembedwa ngati ndalama, wowerengera adzaifuna ndalamayo m'bokosi.

Buku la malisiti limaulula lokha pamene zinthu sizikuyenda bwino, ndipo membala aliyense wodziwa kuwerenga angathe kuliona. Manambala atsatizane popanda kudumpha: pakachoka 0146 n'kufika 0148, afunse kuti 0147 ili kuti. Msungichuma akalakwitsa polemba asang'ambe tsamba kapena kufufuta. Ajambule mizere iwiri modutsa, alembe kuti lathetsedwa, asiye masamba onse awiri m'bukumo, ayambe lina. Masiku nawonso aziyenda ndi manambala, lisiti la kutsogolo lisakhale ndi tsiku la m'mbuyo. Chinyengo chodziwika kwambiri ndi chochotsa kaboni: pamwamba munthu amalemba K600,000 n'kupereka kwa mwini ndalama, pansi n'kudzalemba yekha K60,000. Tsamba la pansi likakhala ndi inki ya bolopeni m'malo mwa zolemba za kaboni, pamenepo pali nkhani. Wochenjera amatha kudzalemba la pansilo ndi kaboni pambuyo pake, n'chifukwa chake wofufuza wabwino amasankha opereka angapo, n'kuwapempha kuti aonetse malisiti awo kuti awafananize ndi a m'buku.

Ndi bwinonso kuti wodula malisiti asakhale yemweyo wowerengera mabuku pakutha pa mwezi. Mabuku osayamba kugwiritsidwa ntchito asungidwe ndi mlembi kapena wapampando, ndipo msungichuma apatsidwe latsopano pokhapokha wabweza lakale lodzaza, atasayinira manambala oyambira ndi othera a buku limene watenga.