Kusintha miyezo ya utali posuntha kadontho: mamilimita, masentimita, mamita ndi makilomita

Ngati mwana wanu amaphunzira pasukulu ya pulayimale ku Kawale, Biwi kapena Chinsapo, mwina munaonapo tchati cha masamu chimene aphunzitsi amapachika pakhoma, cholembedwa km, m, cm ndi mm, chokhala ndi timivi toloza kumanja ndi kumanzere. Tchaticho n'chanunso. Alangizi amakuuzani kutalikirana kwa mizere m'masentimita, munda mumauyeza m'mamita, pomwe mvula ndi kukula kwa mapaipi zimatchulidwa m'mamilimita. Mukasokoneza miyezoyi, mutha kugula mbewu yochepa kapena paipi yosakwana pampope.

Zimene tchati chimanena

Miyezo inayi amaindandalika kuyambira waukulu kumanzere mpaka waung'ono kumanja:

km → m → cm → mm

1 km = 1,000 m
1 m = 100 cm
1 cm = 10 mm

Werengani maziro a pamzere uliwonse. Pakati pa kilomita ndi mita pali maziro atatu, pakati pa mita ndi sentimita pali awiri, ndipo pakati pa sentimita ndi milimita pali ziro mmodzi. Kuchuluka kwa maziro ndiko kumakuuzani malo amene kadontho kayenera kudumpha. Sungani pamtima manambala atatuwa: 3, 2, 1.

Mukamachoka pa muyezo waukulu kupita pa waung'ono, sunthirani kadontho kumanja, ndipo nambala ikula. Mukamachoka pa waung'ono kupita pa waukulu, sunthirani kadontho kumanzere, ndipo nambala ichepa. Chifukwa chake n'chosavuta. Chimanga cha m'thumba limodzi mukachiyeza ndi mbale, mbalezo zimachuluka ngakhale chimangacho sichinaonjezekere. Utali nawo susintha, chosintha ndi choyezera.

Nambala yopanda kadontho, monga 75, kadontho kake kabisala kumapeto. Ndipo ngati manambala atha kadontho kasanamalize kudumpha, ikani ziro pamalo otsalawo. Choncho mamita 1.5 ndi masentimita 150, pomwe mamilimita 8 ndi masentimita 0.8.

Chitsanzo: kuwerengera mapando a chimanga

Tiyerekeze kuti mwabwereka malo kunja kwa Chinsapo, a mamita 20 m'litali ndi mamita 12 m'lifupi, ndipo mizere itsata m'litali. Pa ulimi wa mbewu imodzi paphando, umene ambiri amautcha Sasakawa, mizere imatalikirana masentimita 75 ndipo mapando amatalikirana masentimita 25.

Musagawe 12 ndi 75, chifukwa nambala ina ili m'mamita, ina m'masentimita. Yambani mwaziika pa muyezo umodzi. Kuchoka pa sentimita kupita pa mita, kadontho kadumphe malo awiri kumanzere:

75 cm = 0.75 m
25 cm = 0.25 m

Tsopano gawani m'lifupi mwa munda ndi kutalikirana kwa mizere: 12 ÷ 0.75 = 16. Muunga mizere 16. Mzere uliwonse ndi wa mamita 20, choncho 20 ÷ 0.25 = 80. Mzere umodzi ukhala ndi mapando 80, ndipo munda wonse ukhala ndi mapando 1,280, kutanthauza 16 × 80. Apa mwadziwa kuti mukufuna njere 1,280, kuphatikizapo zina zochepa zodzapakiza, ndiponso mwadziwa chiwerengero cha mbewu zimene mudzathire feteleza.

Ngati madontho amakuvutani, sinthani mamita kukhala masentimita. Kadontho kapite kumanja malo awiri: mamita 12 ndi masentimita 1,200, ndipo 1,200 ÷ 75 ikupatsanibe 16. Njira ziwirizi zikapereka yankho limodzi, ndiye kuti mwakhoza.

Mamilimita: mvula ndi mapaipi

Mutha kuyeza mvula pakhomo ndi chitini choongoka, chimene kukamwa kwake n'kofanana kukula ndi pansi pake. Chiikeni pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo. Mvula ikakata, imikani rula m'chitinimo. Madzi akafika pa masentimita 2.4, sunthirani kadontho malo amodzi kumanja: yagwa mvula ya mamilimita 24. Ndi nambala imeneyi imene mungafanizire ndi zimene a zanyengo amalengeza pawailesi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi.

Kusitolo nako paipi ya pulasitiki yolembedwa 25 mm ndi ya masentimita 2.5 mukayeza kukamwa kwake kuchokera kunja kufika kunja. Yezani paipi yanu yakale ndi rula musanapite kukagula yolumikizira.

Makilomita

Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, pamsewu wa ku Mchinji. Amenewa ndi mamita 16,000, poti kadontho kadumpha malo atatu kumanja. Mukamva kuti dimba lili pa makilomita 0.4 kuchokera kumtsinje, ndiye kuti mpope wofikitsa madzi kumeneko uyenera kukwana mamita 400, osati 40.

Pamene anthu amaphonya

Choyamba ndi kusuntha kadontho malo amodzi nthawi zonse, ngati kuti masitepe onse a patchati ndi ofanana. Wochita zimenezi amalemba masentimita 75 ngati mamita 7.5, ndipo masamu ake amuuza kuti m'munda wa mamita 12 mulowa mizere yosakwana iwiri. Yankho likakhala lachilendo chonchi, yerekezani ndi thupi lanu. Sentimita imodzi ndi pafupifupi m'lifupi mwa chikhadabo cha chala chaching'ono, ndipo mita imodzi ndi phazi limodzi lalitali la munthu wamkulu poyenda. Palibe mizere ya chimanga yotalikirana mapazi asanu ndi awiri.

Chachiwiri ndi kuiwala ziro wapakati. Mamita 1.5 ndi masentimita 150, koma mamita 1.05 ndi masentimita 105. Mukamauza mmisiri wa khola kapena mnzanu wa m'kalabu, musangoti “mita imodzi ndi faifi”. Tchulani masentimita onse.

Chachitatu chili pa tepi yoyezera. Matepi ambiri ali ndi masentimita mbali imodzi ndi mainchesi mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho mukawerenga 75 kumbali ya mainchesi, mizere yanu italikirana masentimita 190.5. Mbali ya masentimita mudzaidziwa poona kuti manambala ake ndi oyandikana, ndipo kuchokera pa nambala ina kufika pa inzake pali timipata khumi. Palinso matepi ena a amisiri olembedwa m'mamilimita. Pa tepi yotere, masentimita 75 mudzawapeza pa 750.

Malire a tchatichi

Lamulo la 3, 2, 1 ndi la utali wokha. Siligwira chimodzimodzi pa kukula kwa malo, chifukwa pamenepo mumayeza mbali ziwiri. Bedi la nazale la mita imodzi mbali zonse lili ndi timabokosi 10,000 ta sentimita imodzi, kutanthauza 100 × 100, osati 100. Choncho sinthani kaye m'litali ndi m'lifupi kuti zikhale m'mamita, kenako muchulukitse.

Musanayambe kuunga mizere, dulani ndodo ziwiri, ina ya masentimita 75 ndi ina ya masentimita 25, ndipo muziyeze kawiri ndi tepi. Ndodo zitatu za 25 zikalumikizidwa ziyenera kufanana ndi ya 75. Zikapanda kufanana, yezaninso musanazipereke kwa aganyu.