Mafuwa atatu amene matenda a mpunga amaphikirapo ku Chigwa cha Shire

Mlimi wa mpunga ku sikimu ya Muona ku Nsanje, kapena ya Nkhate ku Chikwawa, akaona ngala zikuyera zisanakhwime, funso loyamba limakhala lakuti: "Ndigule mankhwala anji?" Funsoli lilibe cholakwa, koma limathamangira kumapeto. Akatswiri a matenda a mbewu amayambira pena. Iwo amati matenda sabuka pokhapokha zinthu zitatu zitakumana nthawi imodzi: kachilombo koyambitsa matendawo, mbewu imene kachilomboko kangathe kuigwira, ndi nyengo kapena malo okomera kachilomboko. Amazijambula ngati chithunzi cha ngodya zitatu, ndipo ambiri amati amene anachifotokoza momveka ndi Russell Stevens wa ku Amereka m'chaka cha 1960. Kwathu kuno tingoti ndi mafuwa: mukachotsa limodzi, mphika sukhazikika. Mfundo yanga ndi yakuti mlimi wa m'chigwa ali ndi mphamvu zambiri pa mbewu ndi pa malo kuposa zimene ali nazo pa kachilombo, chikhalirecho ndalama zake zambiri zimathera pa kachilomboko.

Titenge chiwawu cha mpunga, chimene alangizi amachitcha bulasiti, nthenda yopezeka pafupifupi kulikonse kumene mpunga umalimidwa. Choyambitsa chake ndi fangasi amene amabisala m'mapesi a chaka chatha, mu mpunga womera wokha ndi m'mbewu yosungidwa kuchokera m'munda wodwala. Timbewu take, tosaoneka ndi maso, timauluka ndi mphepo makamaka usiku. Kambewu kakatera pa tsamba louma, palibe chimachitika. Kakatera m'dontho la mame kamamera, n'kupanga kachotupa komatirira pa tsamba, ndipo kachotupako kamakankha ndi mphamvu yoposa mpweya wa m'tayala la galimoto maulendo pafupifupi 40 mpaka kuboola khungu la tsambalo. Ntchito yonseyi imafuna kuti tsamba likhale lonyowa mosalekeza kwa maola 6 mpaka 8 kapena kuposerapo, kutentha kuli pafupifupi madigiri 25. Pakatha masiku anayi kapena asanu, pa tsamba pamaoneka banga looneka ngati diso, losongoka mbali zonse ziwiri, lotuwa pakati, lofiirira m'mbali. Sabata isanapitirire kwenikweni, banga limodzilo limayamba kutulutsa timbewu zikwizikwi usiku uliwonse wachinyezi.

Tiyerekeze tsono mapuloti awiri oyandikana, iliyonse ya gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala, obzalidwa mtundu umodzi wa mpunga sabata imodzi. Mphepo ndi imodzi, choncho timbewu ta fangasi tikutera monsemo mofanana. Mwini puloti yoyamba wawokera m'mizere, wagawa makilogalamu 10 a yureya kawiri, ndipo madzi sakuphwa m'munda mwake. Mnzakeyo wawokera mothithikana, wathira makilogalamu 20 kamodzin'kamodzi pofuna kuti mpunga ubiriwire msanga, ndiye popeza ali kumapeto kwa ngalande, munda wake wauma masiku angapo mpunga utatenga mimba. Chimene chachitika n'chakuti feteleza wochulukayo wabala masamba ambiri ofewa, osavuta kuboola. Kuthithikanako kwatsekereza mphepo ndi dzuwa, mame akuchedwa kuuma m'mawa. Ndipo kuphwa kwa madzi kwafooketsa mbewu, komanso kwachotsa kufunda kumene madzi oima amasunga usiku, mame n'kumagwa molawirira. Ngala zikamatuluka, fangasi amagwira khosi la ngala, pamada, chakudya sichikweranso, ngala n'kuyera ili mankhusu okhaokha. Puloti yoyamba ingakhale ndi mabanga apo ndi apo, koma ikolola. Kachilombo sikanasankhe munda. Mlimi wachiwiriyo, mosadziwa, wakonza yekha mbewu ndi malo kuti zikomere kachilomboko.

Pano pafunika diso lofatsa, chifukwa ngala yoyera si umboni wokwanira. Kapuchi woboola phesi nayenso amayeretsa ngala. Ikokeni pang'ono: ikasololoka mosavuta, kumunsi kwake kuli kodyedwa, ndi kapuchi, ikakana, koma pakhosi pali chidindo chakuda kapena pathyoka, ndi bulasiti. Mabanga obulungira, ofiirira, omwazika tsamba lonse ndi nthenda ina, imene imakonda mpunga wa m'dothi loguga. Mankhwala a fangasi sapha kapuchi, ndipo ndalama yogulira botolo lolakwika siibwerera.

Wina anganene kuti Chigwa cha Shire n'chotentha kwambiri, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndiye fangasi wokonda kanyengo kozizira angakhale bwanji? Ndi zoona kuti kutentha kopyola madigiri 32 kumamubweza m'mbuyo, ndipo n'chifukwa chake nthendayi siivuta mofanana nyengo zonse. Koma fangasi sawerenga kutentha kwa masana pa bwalo la msika wa Bangula kapena Nchalo. Amamva kutentha ndi chinyezi cha pakati pa masamba, m'bandakucha, mvula itagwa kapena chifunga chitakuta dambo. Kumapeto kwa dzinja ndi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, usiku wa m'chigwa umam'patsa maola amene akufuna. Izi n'zofunika kuziganizira pamene ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikukonzedwa kuti ithirire mahekitala oposa 40,000 m'maboma awiriwa. Ulimi wothirira ndi dalitso, palibe wokana, koma umatanthauzanso kuti mbewu yobiriwira idzakhala m'munda chaka chonse, ndipo kachilombo kamene kale kankafa ndi njala m'chilimwe kadzapeza podumphira kuchoka ku mbewu yakale kupita ku yanthete.

Wina angati, bwanji osangopopera basi? Mankhwala ali ndi malo ake, makamaka poteteza khosi la ngala, koma amathandiza akapoperedwa mpunga uli ndi mimba yokhwima ndi pamene ngala zayamba kusuzumira. Ngala ikayera, palibe mankhwala oibwezeretsa. Ndipo munda umene ukadali wothithikana, wokhuta yureya, wosowa madzi, udzafuna botolo lina chaka chamawa. Ngakhale mbewu yopirira siithetsa nkhani yonse, pakuti fangasiyu amasintha, ndipo mtundu wa mpunga wobzalidwa paliponse chaka ndi chaka ukhoza kugonja patangopita nyengo zochepa. Kachilombo katsopano kangabwerenso kuchokera kunja: m'bale wake wa fangasiyu, wogwira tirigu, anapezeka ku Bangladesh mu 2016 ndipo posakhalitsa anaonekanso ku Mpika m'dziko la Zambia.

Chitsutso champhamvu kwambiri n'chakuti chithunzi cha ngodya zitatu n'chophweka mopitirira. Sichionetsa nthawi, chikhalirecho mame a maola atatu sasiya nthenda pamene a maola khumi amaisiya. Sichionetsa munthu wonyamula mbewu yodwala kuchoka mudzi wina, monga zimachitikira madzi osefukira akakokolola nkhokwe, ngati mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Akatswiri ena amawonjezera ngodya yachinayi pa chifukwa chimenechi, ndipo akunena zoona. Komabe wophunzira woyamba kumene safunika chithunzi chokwana zonse, afunika mafunso atatu oti afunse asanatulutse ndalama: kachilombo kakuchokera kuti, mbewu yanga yafooka ndi chiyani, ndipo masamba akukhala onyowa maola angati? Alangizi a ku Shire Valley ADD ndi ofufuza a ku Kasinthula aphunzitse mafunso amenewa m'makomiti a madzi a masikimu, chifukwa kumene amagawa madzi ndi kugwirizana tsiku lowokera n'kumene ngodya ziwiri mwa zitatuzi zimagamulidwa.